Diso limodzi lowerengera, lina loonera kutali

Apongozi anga aakazi anali atalumbira kuti sadzavala magalasi. Chifukwa chake chinali mayi ena a tsidya la dambo, amene anakula nawo limodzi ndi kupikisana nawo pa chilichonse, kuyambira kukula kwa masamba a fodya mpaka mawu oyimbira m'tchalitchi. Mayiwo atagula magalasi, apongozi anawaseka mudzi wonse wa kwathu ku Chulu ukumva. Ankati akufanana ndi kadzidzi wodabwa. Ndiye maso a apongoziwo atayamba kufooka, analibe pothawira.

Ine ndinali nditangobwera kuchitengwa, mwana wanga woyamba ali kumsana. Ndinkaona apongozi akutalikitsa buku la nyimbo mpaka mkono kuthera pomwepo. Tsiku lina analiika pansi n'kuimirira, kumawerenga ali chilili. Sindinaseke. Ndinakasekera kuseri kwa chigafa cha fodya, ndekha.

Chaka chimenecho mwana wawo wamkazi womaliza ankakwatiwa, ndipo abusa anapempha apongozi kuti adzawerenge mawu a Mulungu pa ukwatiwo. Anavomera msangamsanga. Atafika kunyumba ndi pamene anakumbukira kuti zilembo sakuziona, ndiponso kuti mayi a tsidya aja amakhala benchi yakutsogolo.

Mlamu wanga wamkulu, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, ndiye anati kuli timagalasi tofewa toika pa diso penipeni, tosaoneka kwa munthu. Fodya atagulidwa tinakwera minibasi ya ku Lilongwe, apongozi, mwana wanga ndi ine. Ntchito yanga inali kunyamula chikwama.

Adokotala a maso anali mtsikana, wosaposa ine kwenikweni. Atawayeza, anawauza kuti atambasule manja, apange kaboo pakati pa zikhatho, ayang'anire wotchi ya pakhoma pa kaboopo. Kenako anati atseke diso lamanzere. Wotchi inalipo. Atatseka lamanja, wotchi inathawa.

"Mwaisuntha!" anatero apongozi.

"Sindinaikhudze, amayi. Munthu aliyense ali ndi diso limene mutu wake umalidalira kwambiri. Lanu ndi lamanja. Limenelo tiliikira kagalasi koonera kutali. Lamanzere tiliikira kowerengera."

"Ndiye ndizikhala ndi maso osagwirizana?"

"Poyamba adzakangana. Mukayang'ana buku, lamanzere liziona bwino, lamanja lizibweretsa chifunga. Mukayang'ana msewu, zitembenuka. Koma mukamavala tsiku ndi tsiku, ubongo umaphunzira kumvera diso limene likuona bwino n'kulisiya linzakelo. Kwa ena zimatenga masiku, kwa ena milungu."

Anawauzanso kuti si onse amene zimawayanja. Maso awiri akamaona mofanana ndi pamene munthu amadziwa bwino kuti chinthu chili patali bwanji, choncho ndi timagalasiti sitepe kapena kapu zikhoza kukunamiza, makamaka masiku oyamba. Oyendetsa galimoto usiku amavutika, magetsi amawachitira mithunzi. Amene amakhalira ntchito ya tinthu ting'onoting'ono tsiku lonse, monga atelala, ambiri amabwerera ku magalasi. Wa diso limodzi lofooka chibadwire, kapena wa maso opingasa, sizimuyenera. Fumbi ndi utsi nazonso ndi adani. Ndiye pali ena amene mutu wawo umangokana basi.

"Galimoto ndilibe," anayankha apongozi. "Ndipo mutu wanga sunakanepo chinthu chimene ine ndaulamula."

Anawaphunzitsa kusamba m'manja ndi sopo, kupukuta, kukweza chikope, n'kuika kagalasiko ndi nsonga ya chala. Kanali ngati kakhungu ka anyezi konyowa. Diso linkatsinzina chala chisanafike, ndipo apongozi ankalikalipira ngati mbuzi yokana kulowa m'khola. Mwana wanga anagona, kudzuka, kugonanso, iwo akulimbanabe. Pomaliza anatha kuika ndi kuchotsa okha. Adokotala anawapatsa timabokosi tiwiri, ka diso lamanja ndi ka lamanzere. Anati timagalasi take n'tovala tsiku limodzi: kuvala m'mawa, kutaya madzulo, osagona nato, osatitsuka ndi madzi a pachitsime. Anabwerezanso kuti ayambe mawa lomwelo, ndipo pakadzadutsa milungu ingapo adzabwere anene mmene zikuyendera.

Titafika kumudzi, apongozi anatsegula sutikesi. Pansi panali chitenje cha ukwati, nsapato zatsopano ndi duku, zonse zili m'mapepala ake. Anaika timabokosi tija pamwamba, n'kutseka, n'kukankhira kunsi kwa bedi.

Kwathu chinthu chatsopano cha ukwati sichivalidwa tsiku lisanafike. Aliyense amadziwa zimenezo. Koma ine ndinali nditamva zimene adokotala ananena. Kuwauza maso ndi maso sindikanatha. Kuyambira pamene ndinakwatiwa, nkhope ya apongozi ndinkaidziwira kuyambira pachibwano kutsika.

Ndinauza bambo a mwana. Iwo anapita kukanena, ndipo anabwerako msanga.

"Akuti kodi nsapato za ukwati umapita nazo kudimba."

Ndiye ndinachita zimene atengwa amanyazi amachita. Tsiku lina tikusenda mtedza pakhonde, ndinamukhazika mwana pamwendo n'kumalankhula naye.

"Agogo ako adokotala anawauza kuti azivala tsiku lililonse, mutu uzolowere. Eti, bambo?"

Apongozi sanandiyang'ane. Anaweramira kwa mwanayo.

"Uwauze amako kuti agogo sanapenge. Chinthu cha ku Lilongwe, kumavala posenda mtedza, madzulo n'kutaya? Amataya ndani chinthu chotero? Kodi ndi nsabwe?"

Mwana anawagwira mphuno, nkhani n'kuthera pomwepo.

M'mawa wa ukwati apongozi anandiitanira kuchipinda kuti ndiwagwirire kalilole. Kunja amayi ankaimba, mbuzi zinkalira, ndipo apongozi ankafulumira. Kagalasi koyamba kanagwera pa chitenje, tinakasaka mpaka kukapeza katamatirira pa duwa la nsaluyo, n'kukataya. Anatsegula kena.

"Amake mwana, bwerani mundigwirire chikopechi."

Ndinasamba m'manja kawiri. Ndinagwada patsogolo pawo, ndikuyang'ana kukhoma, n'kutambasula dzanja. Chala chinafikira m'khutu.

"Kodi mukufuna kundiika diso m'khutu? Ndiyang'aneni!"

Ndinawayang'ana. Kunali koyamba kuona kuti ali ndi kadontho kakuda pansi pa diso lamanzere, ndi kuti nsidze zawo n'zofanana ndi za mwana wanga. Timagalasi tinalowa, kalikonse m'diso lake.

Anaimirira, kuyang'ana pawindo, kuyang'ana zikhadabo zawo.

"Ndikuona zonse," anatero. "Kungoti chilichonse chabwera ndi mbale wake."

Pothira tiyi, anataya wina m'mbali mwa kapu. Potuluka pakhomo anakweza mwendo ngati akudumpha mzere wa fodya, pamene sitepe ya pakhomopo akhala akuiponda zaka zonse. Amayi a panja anaganiza kuti ayamba kuvina, ndipo analuluta.

Tchalitchi chinadzaza mpaka m'mawindo. Ine ndinakhala mzere wachiwiri, kuseri kwenikweni kwa mayi a tsidya, amene anali atapukuta magalasi awo mpaka kumanyezimira. Abusa ataitana, apongozi ananyamuka mwaulemu, n'kukwera masitepe a kutsogolo akufufuza ndi phazi ngati munthu wowoloka mtsinje. Anatsegula buku. Analibweretsa pafupi. Analitalikitsa. Anapendeketsa mutu. Pambuyo pake anadzandiuza kuti zilembo zinalipo ndithu, koma chilichonse chinali ndi mthunzi wake pambali, ndipo mzere ndi mzere zinkakwerana.

Mkwatibwi anaweramitsa mutu. Kenako ndinaona mayi a tsidya akuvula magalasi awo pang'onopang'ono, kuwapukutanso ndi nsonga ya chitenje, n'kuyamba kutambasula mkono kuti awapereke kutsogolo.

Sindikudziwa kumene mawu anachokera. Ndinamunyamula mwana m'mwamba n'kunena, mokweza kuposa mmene ndinkafunira:

"Agogo ako atseke diso lamanja!"

Mitu yonse inatembenukira kwa ine. Ndinabisa nkhope pamimba pa mwanayo, ndikulakalaka benchi itandimeza. Koma ndili momwemo ndinamva mawu a apongozi akuyamba, amphamvu, osakakamira. Diso loonera kutali litatsekedwa, chifunga chinachoka, lowerengera linatsala lokha ndi zilembo zake.

Vuto linali lakuti apongozi sawerenga ataweramira buku mpaka kumapeto. Amakonda kudzutsa mutu akamaliza chiganizo, kuti aone ngati mawu akulowa. Ndiye akadzutsa mutu ankatsegula lamanja n'kutseka lamanzere. Akabwerera m'buku, kutseka lamanja, kutsegula lamanzere. Ndipo podzutsa mutupo nkhope inkaloza mbali ya amuna, kumene kunakhala akulu a mpingo.

Pakati pawo panali bambo ena okalamba, amene akazi awo anamwalira kalekale. Apongozi nawonso ndi amasiye. Ulendo woyamba bambowo anacheuka kuona ngati kumbuyo kwawo kuli munthu. Kunali khoma. Ulendo wachiwiri anakonza tayi. Wachitatu anatsinzinira nawo. Anyamata a kwaya anayamba kutsokomola mmodzimmodzi, ndipo abusa anayang'ana kudenga mpaka kuwerenga kunatha.

Kumadyerero, anthu asanayambe kuvina ndi kudzutsa fumbi, apongozi anandikokera m'nyumba. Anasamba m'manja n'kuchotsa timagalasi tonse tiwiri, akudandaula kuti mutu ukuwawa ngati asenza nkhuni kuchokera kutali ku Kaomba. Titatuluka tinapeza bambo okalamba aja ataima pafupi ndi mpando wawo, atagwira botolo la chakumwa chozizira ndi manja awiri. Anawapatsa, anawerama, n'kubwerera chakumbuyo akumwetulira.

"Amake mwana, abambo awa chawachitikira n'chiyani?"

Ine ndinayang'ana zala zanga za kumapazi. Amene anayankha anali mayi a tsidya, ali ndi fupa la mbuzi m'manja.

"Mwawatsinzinira kuyambira ndime yoyamba mpaka ameni, anzanga. Mpingo wonse ndi mboni. Ife tangoyembekeza tsiku, tisoke zitenje zina."

Apongozi anayang'ana botolo lija, n'kuyang'ana kumene kunapita bambowo. Anatsegula ndi mano, kumwa pang'ono, n'kupukuta pakamwa.

"Zimenezo zisiyeni kaye. Ndawerenga kapena sindinawerenge?"

Mayi a tsidya anatafuna nthawi yaitali ndithu.

"Mwawerenga."

"Ndi magalasi a ndani?"

Mayiwo anati nyama yachepa mchere, n'kunyamuka kukaufuna.