Mwendo wa Ba Gwendolyn

Mu Kafue muno, ukwati ukakhala wa anthu odzimva, achinyamata ovina patsogolo pa akwati, aja timati layinapu, amaphunzitsidwa ndi Ba Gwendolyn. Iwo ndiwo matironi. Ntchitoyi anaiyamba ali mtsikana, moti ena amene anawavinitsa ali ndi ana apasukulu tsopano.

Anabadwira ku Chanyanya, mwana wa msodzi, koma zimenezo musakawakumbutse. Atasamukira ku Estates, dera la nyumba zabwino, analumbira kuti zakudya za kumudzi sizidzalowanso m'khitchini mwawo. Ufa wa mugaiwa anautsanzika, nshima yawo ndi ya ufa wokonola wa m'sitolo, uja timati bulekifasi, yoyera mbee. Chibwabwa chotendera, masamba a maungu aja, amati chimanunkha umphawi. Nyemba amati nza kundende. Mbale yawo ndi soseji, nkhuku ya buloila, ndi kabichi pang'ono wongokongoletsa. Ndipo povina savala nsapato wamba, koma gogoda zazitali zakuti munthu wina angafune makwerero.

Vuto linayamba chaka chino. Akamaphunzitsa, nyimbo itafika pokoma, mnofu wa kumbuyo kwa mwendo unkangokokana, gwa! kuuma ngati chinangwa chachiwisi. Ankaluma mlomo nkunamizira kuti akuyankha foni. Mantha awo anali ndi dzina: Nelly, mtsikana wophunzirira masitepe pa foni, amene anali atawalanda kale maukwati angapo a ku Shimabala. Kutsogolo kunali ukwati wa Mapalo, mwana wa dikoni wa kutchalitchi kwawo, ukwati umene tauni yonse inkaudikira. Matironi akagwa pamaso pa gulu lotero, ndani angadzamuitanenso?

Nkhani ya mwendo inamufika Sisita Prudence wa mu kwaya, amene chikwama chake chimakhala ndi Baibulo mbali ino, mabotolo mbali inayo.

"Mami, musavutike," anatero Prudence atatuluka m'mapemphero. "Ni maginiziyamu yachepa mu thupi. Aya mapilisi yachoka kunja. Bazungu bonse ndiye yamene bamamwa. Munaonapo muzungu agwa pa ukwati?"

Ba Gwendolyn anaganiza, napeza kuti zoona sanaonepo. Anagula.

Anamwa monga botolo linanenera, koma mwendo sunamve. Anaimba foni kudandaula.

"Ndiye kuti yayamba kusebenza, mami," Prudence anayankha. "Matenda yakalipa yakaona mankhwala. Onjezelani."

Anaonjezera, m'mawa, masana ndi madzulo. Apa mapilisi anagwiradi ntchito, koma osati kumwendo. M'mimba munayamba kubangula. Pa maphunziro a layinapu matironi ankawerenga "wanu, thuu" nkusowa, ana nkutsala miyendo ili m'mwamba. Mnyamata wina anafunsa ngati liwiro lopita kuseri kwa nyumba nalonso lili m'gulu la masitepe.

Sabata ya ukwati, mlamu wawo Choolwe, namwino wa ku chipatala, anadzera kudzabwereka mpoto waukulu. Anawapeza atagona pa sofa, maso atalowa, botolo lili pa tebulo.

"Mulamu, mumwa yangati aya?"

"Yokwanila muntu wa maudindo."

Choolwe anaseka mpaka kukhala pansi. Kenaka anawauza mosabisa. Zoona minofu imafuna maginiziyamu, koma si kukokana kulikonse kumene kumabwera chifukwa chakuti yachepa. Anthu ofufuza anayesapo pa akuluakulu, ena kuwapatsa mapilisi enieni, ena abodza, ndipo miyendo inkakokana pafupifupi chimodzimodzi. Mapilisi amathandiza munthu amene yamupereweradi m'thupi, ndipo zimenezo amaona ndi a chipatala, osati a kwaya. Ukamwa ambiri, matumbo satenga yonse. Yotsalayo imakokera madzi m'matumbo, ndiye ulendo wa kuchimbudziwo. Kwa munthu wa impso zofooka ndiye zoopsa zenizeni, chifukwa imaunjikana m'magazi.

"Manje nichite bwanji?" anafunsa Ba Gwendolyn.

"Siyani aya lelo. Imwani manzi. Ngati muyopa kuti yachepa, ili mu nshaba, nyemba, nthanga za maungu, bondwe, chibwabwa. Na mugaiwa, chifukwa yambili imachoka na gaga pokonola. Nkumba za ba Oliver, ba neba banu, zimene zidya gaga zikupambanani."

"Unifanizila na nkumba mu nyumba yanga?"

"Awe mulamu, zija sizigula botolo. Koma nisakunamizeni, na chibwabwa sichingalonjeze kuti mwendo uzaleka. Mnofu wanu walema. Muvina zuba yonse pa gogoda monga mukali na zaka za Nelly. Valani za fulati."

Mapilisi anasiyadi, poti mimba inali itawalangiza kale kuposa namwino. Madzi anamwa. Koma za nsapato za fulati anati zimenezo akawauze odwala ake.

Loweruka masana holo inadzaza, ena ataima m'mawindo. Nelly anakhala mpando wa kutsogolo, foni ili m'mwamba, kudikira ngati khwangwala pa msika wa nsomba. Nyimbo inayamba. Ba Gwendolyn analowa patsogolo, diresi lagolide likung'anima, ana awo awiriawiri pambuyo. Anayenda bwino mpaka pakati pa holo. Pomwepo mwendo wamanja unati gwa!

Ululu wake munthu saganiza za ulemu. Anaponya gogoda uko, natambasula mwendo kutsogolo, chidendene pansi, nawerama nkugwira zala za phazi kuzikokera kumwamba, nkhope itakwinyika, pakamwa pali yasa.

Tsono ana a Ba Gwendolyn amakula ndi lamulo limodzi: chimene wachita matironi, iwenso chita, mafunso mawa. Anayang'anana kamodzi. Nsapato zakumanja zinauluka holo yonse. Onse anatambasula miyendo, kuwerama, kugwira zala, nkhope kukwinya, pakamwa yasa. Matironi atatsimphina masitepe angapo kuti mnofu umasuke, layinapu yonse inatsimphina pambuyo pawo, mogwirizana bwino ndi ng'oma.

Nthungululu zake! Amake Mapalo anadzuka nkuyamba kutsimphina nawo. Dikoni mwini anavula nsapato. Mnofu utamasuka, Ba Gwendolyn anaona zimene zikuchitika kumbuyo kwawo, ndipo poti ndi munthu wa ntchito yake, anavula gogoda inayo nabwereza zonse ndi mwendo wamanzere, kuti anthu aone kuti zinali zokonzekera.

Kanema amene Nelly anajambula kuti awasekere ndi amene anawatchukitsa. Lero aliyense wokwatitsa mwana amanena kuti sitepe yovula nsapato isasowe. Prudence amaonetsa kanemayo pogulitsa mabotolo ake, amati onani mphamvu ya maginiziyamu pa mayi wamkulu chonchi. Ba Gwendolyn samutsutsa pagulu, koma akamuona akutsegula chikwama amawoloka msewu.

Choolwe pobweza mpoto uja anawafunsa ngati mwendo unaleka.

"Kuleka kuti? Umanigwila ndithu nthawi zina," anatero Ba Gwendolyn, akupukuta gogoda zatsopano. "Koma manje ukanigwila, bantu baombela m'manja."