Zotupa za Kuzidendene

Ndili ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, nsapato zotseka kumbuyo zinayamba kundikana. Pamwamba pa zidendene, pamtsempha waukulu uja, panatuluka zotupa zolimba, zosapweteka. Ndinkangovala patapata n'kukhala chete. Tsiku lina ndili kusikelo ndi mwana wanga wamkazi, anesi anaona tizotupa tina pamfundo za zala zanga, n'kunditumiza kuchipatala chachikulu.

Adokotala anandigwira zidendene, n'kundiyeza magazi. Zotsatira zitabwera anandiuza kuti m'magazi mwanga muli mafuta oipa ochuluka kwambiri, otchedwa kolesitero, amene amatseka mitsempha ya mtima pang'onopang'ono munthu osamva kanthu.

“Koma ine ndine woonda,” ndinatero, maso ali pansi.

“Awa si a zakudya ayi, mayi. Zikuoneka kuti munabadwa nawo. Thupi lanu limalephera kuwachotsa. Kwanu alipo anamwalira ndi mtima asanakalambe?”

Ndinati palibe. Ife mtundu timawerengera kuchikazi, ndiye ndinaganiza za amayi anga ndi abale awo. Za bambo sindinaganize n'komwe. Iwo anagwa n'kumwalira pageti ya fakitale ku Makata ndili mtsikana, ndipo kwathu tonse tinkadziwa kuti amene anawalodza ndi mkazi wawo wachiwiri wa ku Chigumula.

Magazi ena anawatumiza ku Joni, kumene amayang'ana chibadwa chenichenicho, ndipo patapita miyezi anatsimikiza. Poti mwana anali atasiya kuyamwa, anandiyambitsa mapiritsi a tsiku ndi tsiku, a moyo wonse. Anandichenjeza kuti ndikafuna mimba ina ndiyambe ndabwera, chifukwa mapiritsiwo amaimitsidwa. Anatinso ndibweretse abale.

Ndinabweretsa amayi, amalume ndi amayi aang'ono. Onse anapezeka bwino. Amalume mpaka anaseka: “Mtundu wathu ulibe zoterezi.”

Adokotala sanaseke. “Ngati si amayi, ndiye kuti ndi abambo. Ali kuti?”

Ndinafotokoza. Anamwalira asanakwanitse zaka makumi anayi, ndipo ankadandaula chifuwa kuthina akamakwera mtunda.

“Anasiya ana ena?”

“Mmodzi, wamwamuna. Koma ndi wa nyumba ina.”

“Magazi ndi omwewo. Mwana aliyense wa munthu wotere akhoza kutengera kapena ayi, mwayi wake ndi pakati ndi pakati. Kwa amuna mtima umavuta msanga. Mukam'tenge.”

M'minibasi yobwerera ndinkangoganiza za mwana wa nyumba inayo. Mchimwene wangayo anali wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo ndinamva kuti amanyamula matumba ku Makata komweko. Galimoto ya maliro ikadutsa, ndinkaganiza kuti ndachedwa. Koma khomo la ku Chigumula ndinkaliopanso. Pamaliro a bambo abale anga anawatukwana mayi aja pagulu. Amayi anga anandiletsa: “Ukadyako kanthu usabwere kuno ukulira.”

Ndinapita Lamlungu masana, mwana kumbuyo. Ndinawapeza mayi aja akutonola chimanga pakhonde. Sanandipatse mpando.

“Mwabwera kudzatani kwa mfiti?”

Mawu onse amene ndinakonza m'njira anathawa. Ndinangokhala pansi, n'kuvula patapata, n'kuwaonetsa zidendene.

Anasiya kutonola. Anagwira chotupa chimodzi ndi chala, nthawi yaitali.

“Bambo anu ankang'amba nsapato kumbuyo ndi lezala,” anatero motsitsa. “Ndinkawakalipira kuti akuwononga.”

Pamenepo pakamwa panatseguka. Ndinawauza zonse zimene ananena adokotala, mosokoneza, ndikubwereza. Anaitana mwana wawo m'nyumba. Anatuluka wamtali, mphumi ngati ya bambo.

“Vula jombo.”

“Amayi, mwayamba chiyani? Achemwali, ine thumba la simenti ndimanyamula ndi dzanja limodzi. Matenda a mafuta ndi a mabwana a m'maofesi.”

“Ndati vula.”

Anavula. Mayi ake anapapasa. Zotupa panalibe.

“Mwaona?” anaseka. “Nkhani yatha.”

Mantha anga anakula, chifukwa adokotala anali atandiuza kuti ambiri, makamaka achinyamata, sakhala ndi chizindikiro chilichonse. Ndinali ndisanakwezepo mawu kwa munthu wamwamuna, koma tsiku limenelo ndinati, “Achimwene, zidendene sizinena zonse. Amanena ndi magazi. Bambo nawonso ankanyamula matumba.”

Anayang'ana mayi ake. Iwo anati, “Mawa sukupita kuntchito.”

Tinakumana pa Chichiri m'mawa, n'kupita kuchipatala chija. Anamuyeza magazi. Mafuta ake anapezeka okwera kuposa anga, ndipo anamuyambitsa mapiritsi. Fodya amene adokotala anamuletsa anavuta kusiya, koma anasiya. Masiku ano akandiimbira amayamba ndi, “Achemwali, mwamwa?”

Amayi anga sanapepesebe ku Chigumula, koma mawu oti mfiti sindiwamvanso. Mwana wanga adokotala akuti adzamuyeza asanakwanitse zaka khumi. Ndikudziwa kuti zala sizingandiuze kanthu, komabe ndikamamusambitsa ndimachedwa pazidendene.