Kuchokera kunsonga kwa chala mpaka pamzere woyamba

Mwana wanga wachiwiri sankadziwa kukhala phee. Ali ndi zaka zinayi, khungu la kuseri kwa mawondo ndi m'kati mwa zigongono linauma, linkayabwa, ndipo ankadzikanda mpaka magazi. Kuchipatala anati ndi ekizema, natipatsa kachubu ka mafuta otchedwa hayidirokotizoni.

Nthawi imeneyo ndinkagulitsa zitenje paboda ya Mchinji, masiku amene matipate anali atangobwera ndipo aliyense anali pa geni. Anzanga ena ankaoda ku Chipata timachubu toyeretsa khungu. Ogula tinkawadziwa: nkhope yofiira, zala zakuda bii. Bambo ake a mwanayo, omwe ankayendetsa thiraki, atangoona kachubu kathu anakwinya nkhope.

"Si tomwe tija iti? Mwana wanga asandisandukire mzungu."

Nanenso mantha ndinali nawo. Ndiye ndinkangodontheza kakang'ono ngati diso la nyerere, n'kupakapaka paliponse. Mwana anapitiriza kudzikanda. Ndinabwerera kuchipatala nditalusa, mawu nditakonzeratu m'njira.

"Mankhwala anuwa sagwira ntchito," ndinauza a nesi.

Anali mayi wojintcha, wosapupuluma. Anatenga kachubuko, nakayang'ana, n'kuseka.

"Mayi, kachubu kodzaza chonchi? Mukusungira Khirisimasi?"

Nditawafotokozera za mantha athu, sanandinyoze. Anati timachubu ta paboda n'taukali kwambiri, ndipo anthu amadzola kumaso zaka ndi zaka. Aka n'kofatsa, kopaka masiku ochepa, podwala pokha. Kenako anagwira chala changa cha mkombaphala, nafinya mafuta kuchokera kunsonga mpaka pamzere woyamba.

"Muyeso wake ndi umenewu. Chala chanu, osati cha mwana. Amenewa akwana malo aakulu ngati manja anu awiri, chikhatho ndi zala zomwe."

Anandiuza ndiike dzanja langa kuseri kwa bondo la mwanayo. Linaphimba ndendende. Mawondo awiri, muyeso umodzi. Zigongono zonse ziwiri zinangokwana dzanja limodzi, ndiye theka la muyeso. Anati ndizipaka m'mawa ndi madzulo, mopyapyala, ndidikireko pang'ono ndisanamudzoze mafuta wamba opanda fungo thupi lonse. Pakasalala ndisiye kachubu, koma mafuta wambawo ndisasiye.

Mayi amenewo ndimawayamika mpaka lero. Akanatha kungonena kuti "pakani pang'ono" monga amanenera ena, koma pang'ono wa munthu wamantha ndi chabe. Iwo anandionetsa pachala changa chomwe.

Bambo ake a mwanayo anali atapita ulendo wa ku Lusaka. Pobwera anapeza mwana wakhala pakhonde, akuumba ng'ombe zadothi, manja onse awiri ali pantchito. Anamunyamula, namutembenuza, n'kuyang'anitsitsa kuseri kwa mawondo. Anasisitapo ndi chala chachikulu.

"Pasalala," anatero. Anayang'ananso kachiwiri. "Ndipo akadali wakuda ngati ine."

Mwanayo anaphiriphitha kuti amutsitse, ng'ombe yake inali isanathe.