Akaunti ya mng'ono wanga idangogona

Mng'ono wanga adathawa kwa mwamuna wake ku Area 23 atanyamula zovala zokha mu jumbo, diso limodzi litatupa ngati tomato wakupsa. Adafikira kwa ine ku Kawale, koma kumeneko sakadakhala, poti mlamu wangayo ankadziwa ngakhale pomwe ndimabisa kiyi. Tidamupezera malo ku Area 25, kwa mayi wina amene ndinkapemphera naye, mwini kasaluni pafupi ndi msika. Mng'ono wangayo ndi katswiri poluka tsitsi, ndiye ntchito adayamba sabata yomweyo. Aliyense wofunsa tinkamuuza kuti adabwerera kumudzi ku Thyolo. Bodza limenelo ndinkalinena mosaphethira, ndipo ngakhale lero sindichita nalo manyazi.

Nkhani yonse inali imodzi: bambo ameneyu asadziwe komwe ali. Nambala ya foni tidasintha. Chidatsala chinali tsamba lija la pa intaneti limene lidali litangotchuka kumene masiku amenewo, lomwe anthu ankaikapo zithunzi ndi kupezerapo anzawo akusukulu.

Muyenera kudziwa mmene tinkalowera pa tsamba limenelo ife a m'makomboni. Sitinkadzitsekulira tokha. Ankakutsekulira mwamuna, monga momwe ankakugulira foni kapena nsapato. Mlamu wanga anali dalaivala pa ofesi ina m'tauni, ndipo intaneti ankaidya yaulere podikira mabwana. Ndiye adamutsekulira mkazi wake imelo, n'kumutsekulira akaunti, n'kumusankhira pasiwedi. Tinkati ndi chikondi. Mng'ono wanga ankayenda nazo monyada, ine ndemwe ndinkasirira.

Tidapita naye ku kafe ina ya ku Mchesi, kachipinda kotentha, makompyuta atafola m'mbali mwa khoma. Mwini wake anali bambo wa tayi, wolankhula ngati intanetiyo adailumikiza yekha. Ndidamuuza momveka kuti tikufuna akauntiyi ichoke, isadzaonekenso.

"Zing'onozing'ono izo, mayi," adatero, n'kulanda mausi m'manja mwa mng'ono wanga. Adadina apa, adadina apo. "Basi, yatsekedwa. Tamusakani muone."

Ndidalowa pa akaunti yanga n'kulemba dzina lake. Silidabwere. Zithunzi zake kulibe, pa anzanga sakuonekanso. Tidatuluka tikuseka, mpaka ndidamugulira chipisi pa chiwaya cha pa siteji.

Padapita miyezi. Diso lidapola, adanenepa, makasitomala adamuzolowera. Mlamu wanga adasiya kubwera kudzagogoda kwa ine, ndipo ndinkati watopa.

Sadatope. Tsiku lina ali ku ofesi adalemba imelo ija ndi pasiwedi imene adasankha yekha, basi akaunti idadzuka yonse: zithunzi, mauthenga akale, anzake onse, osasowa ngakhale mmodzi. Uthenga wodziwitsa kuti akaunti yatsekukanso udapita ku imelo yomwe ija, yomwe kiyi wake anali nayenso iye. Sadachite kufunsa munthu. Adangolemba mzere umodzi m'dzina la mkazi wake, kuti "Ndabweranso anzanga," n'kukhala phee.

Mnzake wina wa mng'ono wanga wakusukulu, mtsikana wabwinobwino wosadziwa kanthu, adayankha mokondwa. Adati adamuona dzana akuluka pa saluni ya pafupi ndi msika ku 25, ndipo abwera Loweruka kuti adzamuluke.

Amene adabwera Lowerukalo ndi mlamu wanga. Masana dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona. Adamukoka mng'ono wanga ali pakati poluka kasitomala, n'kumupotokola mkono mpaka udathyoka. Azimayi a pa saluni ndi anyamata okwezetsa minibasi ndiwo adamulanditsa. Ku polisi tidapita, mlamu wangayo adagona m'chitokosi usiku umodzi. Kenaka kudabwera ankhoswe ndi nkhope zawo zachisoni, eti nkhani za m'banja zimakambidwa kunyumba. Ndidawauza kuti atuluke ndisadawathire madzi otsukira mbale.

Mnzake uja adabwera ku chipatala akulira, ndipo ndi iye adatiuza zoti akaunti inali itabwerera. Ndidakwiya. Ndidakwera minibasi ya ku Mchesi ndikulankhula ndekha.

"Mudati yatsekedwa, inu!" ndidamukalipira bambo wa tayi uja pamaso pa makasitomala ake.

"Inde ndidatseka, mayi. Kudiakitiveta. Ndi zomwe aliyense amapanga."

"Ndiye yabwerera bwanji?"

"Aaa, ukalowanso imabwerera. Ndi mmene zimakhalira."

Adanena zimenezo ngati akundiuza mtengo wa fotokope. Ankadziwa. Ankadziwa tsiku lija, mtsikana wa diso lotupa atakhala pambali pake, ndipo sadaone chifukwa chotiuza.

Ndidalipira ola, n'kukhala pa kompyuta ndekha. Ndine mphunzitsi, Chingerezi ndimachimva, koma ndidatuluka thukuta kuti ndipeze chomwe ndinkafuna. Eni tsambalo adaika batani lotsekera poyera, pamene lofufutira adalikwirira m'kati mwa masamba a chithandizo. Iwonso ndidawatukwana, kaya ali ku dziko liti. Adalemba okha kuti kutseka kumangobisa munthu kwa anthu ena, koma zonse amakusungira kuti mwina udzabwera. Kufufuta ndiye kumachotsa zithunzi, zolemba ndi anzako, ndipo ukafufuta sudzazipezanso. Komanso sizichoka tsiku lomwelo. Umapempha, n'kudikira masabata awiri, ndipo wina akalowa m'masiku amenewo pempholo limafa. Mauthenga amene udatumizira anthu amatsala kwa iwo, ndipo zithunzi zomwe wina adakopera kale ndi zake.

Kusungira munthu katundu wake kuti mwina adzabwera ndi mtima wabwino, sindikukana. Koma amene adaganiza zimenezo sadaganize za mkazi amene kiyi wake ali m'thumba mwa womumenya.

Mng'ono wanga atatuluka m'chipatala ndidapita naye ku kafe ina, ya ku Biwi, poti ku Mchesi ndidalumbira kuti sindidzapondako. Pasiwedi inali yomwe ija. Mlamu wanga sadavutike n'kuisintha, ankadziwa kuti ife tikuti akauntiyo idafa. Tidachotsa imelo adatsekula iye ija n'kuikapo yatsopano, kuti asaitanitse pasiwedi ina. Tidasintha pasiwediyo. Kenaka tidatumiza pempho lofufuta. Wolemba ndinali ine, poti mkono wamanja wa mng'ono wanga unali m'chikhakha.

Asadadine, adapempha kuti aone kaye zithunzi. Zambiri zinali za paukwati, iye atavala velo, ine kumbuyo kwake ndikuvina kukamwa kuli yasa. Ndidamufunsa ngati tisungeko china. Adapukusa mutu, n'kudina ndi chala cha kumanzere.

Masabata awiri aja ndidamuletsa ngakhale kuyang'ana khomo la kafe. Ku saluni sakadabwerera, ndipo mayi uja, ngakhale anali wachifundo, adayamba kuopa za nyumba yake. Tidagwirizana kuti achoke mu Lilongwe, apite kwa msuweni wathu kumpoto, kumene sankadziwako munthu wina aliyense. Makasitomala ake, kwaya yake, ine, zonse azisiye, pamene womuthyola mkonoyo akuyendetsabe galimoto la ofesi mu tauni.

Tsiku lonyamuka tidadzera ku Biwi kuja tisadapite ku depoti, nthawi yodikira itadutsa kale. Adalemba imelo ndi pasiwedi pang'onopang'ono ndi dzanja limodzi. Kompyuta idakana, akuti akaunti yotero kulibe. Adayesanso, idakananso. Ine ndidapumira m'mwamba, koma iye adangoyang'anitsitsa galasi la kompyutayo.

"Achemwali," adatero, "ndiye kuti batani lofufutali lidalipo ngakhale tsiku lija ku Mchesi?"

Ndidafuna kumunamiza, monga ndidanamizira anthu onse aja. Sindidathe.

"Lidalipo," ndidatero.

Adagwedeza mutu, n'kundipempha kuti ndimunyamulire chikwama, poti mkono unali usadalimbe.