Nsapato zomwe sindinagule

Ku Chidzolomondo, komwe ndimaphunzitsa, rede ya foni timaipeza pa chulu cha kuseri kwa sukulu. Tsiku lina nditakwera pamenepo, mauthenga a ku banko analowa atatu motsatizana: kartau yanga, khadi la banko, yalipira nsapato zachikazi, mafuta onunkhira ndi chikwama. Mayo ine! Zinali ndalama za adubu, feteleza wa chimanga chathu, mvula ili pafupi.

Ine mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. Kartauyo ndinaisunga mu konta yanga ya sitolo ya pa intaneti pomwe tinkagula nyale ya sola, ndipo senya yake, mawu achinsinsi olowera, tinkaidziwa awiri, ine ndi amuna anga. Ndinalowa mu kontamo, ndi kujambula chilichonse, ndi kutsetsereka chulu ndikufuka utsi.

"Abambo, nsapatozi ndi za ndani? Phazi langa simulidziwa?"

Iwo anaika khasu pansi, nayang'ana zithunzizo nthawi yaitali.

"Mayi, inu aphunzitsi, tawerengani pansipa. Dziko limeneli ndinapitako liti?"

Zoonadi, adiresi yolandirira katundu inali itasinthidwa, ya kutsidya kwa nyanja. Mbava zinalowa mu konta yanga, poti senya yake inali chaka changa chobadwa basi. Manyazi anandigwira, koma adubu sadikira manyazi a munthu.

Tinakwera chulu tonse awiri. Ndinaimba nambala yolembedwa kuseri kwa kartau, a banko anaitseka pomwepo. Ndinasintha senya, ndi kuchotsa kartauyo mu konta, ndi kulembera eni sitolo kuti sindine ndagula. M'mawa mwake ndinakwera shapa, minibasi ya ku Tete, chiphaso changa cha BI m'chikwama.

Ku banko, mayi wa pa kauntala anasindikiza estrato, pepala loonetsa zonse zolowa ndi zotuluka, nati ndichonge zomwe sindikuzidziwa.

"Kodigo, nambala yachinsinsi yobwera pa foni, munapatsako munthu?"

"Ine? Ngakhale amuna anga sindiwapatsa!"

Anaseka, nandipatsa fomu ya reklamasau, yolembapo dandaulo. Atafunsa umboni, ndinatulutsa zithunzi zija ndinajambulira kukola amuna anga. Anati zithandiza, ndipo ndachita bwino kubwera msanga, chifukwa dandaulo lotere lili ndi nthawi yake. Anandilembera nambala yotsatirira nkhaniyo, koma sanalonjeze kanthu: ayamba afufuza.

Masabata anapita. Chimanga chinamera, chikuyamba chikasu. Chulu chija ndinachikwera mpaka udzu kufa.

Lachinayi lina uthenga unalowa: ndalama zabwezedwa. Ndinakhala pansi pomwepo, ndikuseka ndekha ngati wamisala. Madzulo ake amuna anga anabwera ndi matumba awiri a adubu pa mota, njinga yamoto.

Tikuthira adubu m'mawa, ndinati, "Abambo, pepani pa zija."

Sanadzutse mutu. "Thirani bwino, Mayi. Phazi lanu ndimalidziwa, likuponda mbewu."