Bakapu Imene Ndinafufuta pa Foni ya Amayi

Lachinayi, sabata yachiwiri ya Juni. Ndadzuka m'mamawa. Amayi anali atadzuka kale, atakhala pakhonde ndi foni yatsopano, akuyendetsa chala pagalasi kukwera ndi kutsika. Ndimadziwa chimene amafunafuna. Ndimadziwanso kuti sachipeza.

Mlongo wanga wamkulu, mwana wamwamuna wa amayi, anachoka kuno ku Nangongwe chaka chatha kupita kokumba golide, kutali chakumpoto cha kumadzulo. Foni yake inabedwa mwezi woyamba. Kuyambira pamenepo amatilankhula pa foni ya mayi wina amene amaphikira okumbawo. Amajambula mawu, mwina kamodzi pa masabata atatu, n'kutumiza kwa amayi pa pulogalamu ya mauthenga. Amayi sawerenga msanga, choncho anthu amawadziwa ndi zithunzi. Mayi wophika uja chithunzi chake ndi mbiya ya buluu. Nambala yake sitinaisunge m'dzina lililonse, sitinailembenso papepala. Amayi ankangoti, ndipezere wa mbiya.

Uthenga womaliza unabwera Lamlungu. Mlongo wanga ankalankhula pang'onopang'ono, akutsokomola pakati pa mawu. Pambuyo pake mayi uja anajambula akeake, kuti mnyamatayu sakudya, ndipo timuimbire Loweruka akatsika kumsika kumene kuli netiweki, tikambirane zomubweza kwathu.

Tsopano ndilembe zimene ndinachita ine. Amayi alibe imelo. Pamene ndinkawakonzera foni yakale ndinaikamo imelo yanga, imene tinatsegula kusukulu pa phunziro la makompyuta. Mauthenga awo onse ankasungidwa pa intaneti m'malo anga aulere, ndiyo bakapu. Mwezi watha malowo anadzaza, ndipo imelo inakana kutumiza pulojekiti yanga ya Giredi 11. Nditayang'ana ndinapeza kuti chachikulu kuposa zonse ndi bakapu ya amayi, yodzaza mavidiyo a kwaya ndi maulaliki a m'gulu la kutchalitchi. Ndinaifufuta. Ndinatsegula mauthenga awo n'kupeza onse alipo, palibe chasowa. Ndinadziona wochenjera. Kuti isadzadzenso, ndinazimitsanso zosunga bakapu tsiku ndi tsiku. Sindinawauze.

Dzulo ndili kusukulu, foni yakale inathima osayakanso. Batire inali itatupa kalekale mpaka chivundikiro kunyamuka. Amayi anaopa kuti Loweruka liwapeza opanda foni. Anakwera minibasi kupita kutauni, kwa mayi wokonza mafoni pafupi ndi msika, nasiya yakaleyo n'kutenga ina yogwiritsidwapo kale ntchito. Nditaweruka anandipatsa kuti ndiikemo zonse monga kale.

Ndinaika simu, ndinalowetsa imelo, ndinalemba nambala yawo, kodi, ndiyo manambala otsimikizira, inabwera. Apa ndi pamene pulogalamu imayenera kufunsa ngati tikufuna kubwezeretsa mauthenga. Inafufuza pang'ono, siinapeze chilichonse, inangopitirira kufunsa dzina. Magulu anabwerera, la kutchalitchi, la azimayi a mumsewu mwathu, koma opanda uthenga ngakhale umodzi. Mbiya ya buluu panalibe. Amayi anandifunsa kuti wa mbiya ali kuti. Ndinati mwina netiweki, tidikire mawa. Anakhulupirira, chifukwa pa zamafoni amandikhulupirira nthawi zonse.

Lero m'kalasi sindinamve kanthu. Aphunzitsi a sayansi anandifunsa funso, ndinaimirira osadziwa kuti tili patsamba liti. Ndinkangowerenga masiku: Lachinayi, Lachisanu, Loweruka. Ndinkadzilimbitsa mtima kuti simu ndi yomweyo, mayi wa mbiya uja akhoza kutumizanso yekha. Koma iye anati ife timuimbire. Nanga ngati angaganize kuti banja lamutaya mnyamatayo? Si mbale wathu, ali ndi miphika yake yoti aziyang'anira.

Nditaweruka sindinapite kunyumba. Ndinayenda wapansi mpaka kutauni ndili mu yunifomu. Kashopu ka mayi wokonza mafoni ndi kakontena kobiriwira, ndipo ndinawapeza akumatula galasi la foni ina ndi kampeni. Ndinawapatsa moni n'kufunsa za foni yotupa batire imene mayi wina anasiya dzulo. Anatsegula kabati osayang'anamo, naitulutsa pakati pa zinzake, itamangidwa ndi kalabala.

"Iyi? Mawa madzulo ipita ku Lusaka. Kuja aifulasha, aigulitsa."

Kufulasha ndiko kupukuta zonse za m'foni. Ndinawafotokozera zonse, za mlongo wanga, za pulojekiti, za mbiya. Anamvetsera kwinaku akupitiriza ntchito, kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Iwe mwana, wapasa makompyuta kusukulu?"

"Ee, ba anti."

"Ndiye mwaphunzira kufufuta chabe?"

Munthu amene ankadikira foni yake anaseka. Ndinafunsa mayiwo ngati bakapu yofufutidwa ingabwezedwe. Anati ayi, imeneyo ndiiwale, siibwerera ngakhale ndipite kwa ndani. Koma anati kufufuta bakapu sikukhudza zimene zili m'foni mwenimwenimo. Malinga ngati foni yakaleyo inangofa batire, mauthenga akadali m'kati mwake, ndipo ndi malo okhawo amene atsala. Akhoza kuika batire ina kwa kanthawi kuti iyake.

Ndinawapempha kuti aiyatse pomwepo, ndingokopera nambala imodzi basi. Anapukusa mutu. Anati popeza nambala ya amayi ndailowetsa kale m'foni yatsopano, yakaleyo ikangogwira intaneti pulogalamu itseka n'kufuna kodi ina, ndipo kodiyo imapita ku simu ya amayi. Ananditsina khutu kuti tikadzaiyatsa ndisadzachotse pulogalamuyo n'kuikanso, chifukwa ndikhoza kutaya zotsalazo. Zikadzatseguka tidzapange bakapu yatsopano, kapena tisamutse mauthenga kuchoka m'foni ina kupita m'inzake.

Ndinaganiza msanga. Ndinati ndikhoza kubwera ndi foni ya amayi ndekha, ndiwauza kuti ndikukaikitsa kagalasi koteteza.

"Awe. Foni anasiya ni bamai ako, si iwe. Sinitsegula mameseji a munthu mwine wake kulibe. Ubwere nawo."

Ndinafunsa ngati ali ndi chitsimikizo kuti iyaka. Anati chitsimikizo alibe, foni yotupa chonchi nthawi zina imaononga ndi zam'kati momwe. Anaichotsa pa zinzake, naiika payokha pashelefu yapamwamba, nati aisunga mpaka mawa masana.

Ndafika kunyumba dzuwa likupendeka. Ndapeza amayi akuuza anansi athu kuti mayi wokonza mafoni uja wawagulitsa foni yosagwira bwino, ndipo mawa akam'bwezera ndi mawu. Ndinaima pakhomo chikwama chili kumsana. Akanandiyang'ana bwino akanadziwa. Anangondiuza kuti ndivule yunifomu ndikatunge madzi mpopi usanatseke.

Sindikuopa kukalipidwa kwenikweni. Chimene ndikuopa ndi nkhope yawo akamva kuti njira yokha yofikira mwana wawo wodwala ili m'foni yakufa, ndipo ndine ndinachititsa, chifukwa cha pulojekiti ya masamba asanu. Ndikuopanso kuti batire ikaikidwa galasi likhalabe lakuda. Komabe mayi wokonza mafoni uja sananene kuti zatha. Anati tiyese.

Mawa ndiwauza m'mawa, asanavale nsapato zopitira kukakangana ndi munthu wosalakwa. Ndiyamba ndi mawu oti ndine ndinafufuta, zina zibwere pambuyo. Kusukulu ndipita mochedwa, chilango ndilandira. Tikwera minibasi yoyamba limodzi, ndipo ndanyamula kale kope ndi cholembera, kuti foni ikangoyaka nambala ija ndiilembe ndisanagwire china chilichonse.