Chala pa Adiresi

Kuseri kwa sitolo ya mabuku kuli kachipinda kotaipiramo makalata, ndipo mwini wake anthu amangoti Mayi Chala. Zaka makumi awiri ali pampando womwewo, kuyambira pa makina otaipira aphokoso aja mpaka kompyuta. Sukulu sanapite nayo patali, koma ndikukuuzani, a madigiri amafola pakhomo pawo.

Mlamu wawo, mkazi wa malemu achimwene awo, anali wophika. Anatumiza makalata ofunsira ntchito khumi ndi anayi, yankho zii! Achibale anali atagamula kale kuti mwezi ukatha asanapeze ntchito, ana ake atatu awagawana.

Anabwera ndi kalata yachikhumi ndi chisanu, yopita kunyumba yosamalira okalamba. Mayi Chala anaphimba adiresi ndi chala.

"Werengani, alamu."

"Ndine wolimbikira, wokhulupirika, wosunga nthawi..."

"Tsopano tandiuzani, ikupita kuti? Kuhotela? Kugalaja?"

Wophika uja anayang'ananso kalatayo. Zoonadi, ikanatha kupita kulikonse.

"Kalata ya aliyense ilibe mwini. Alipo amene analembapo kuti ndine waulesi? Patseni chilengezo cha ntchitoyi."

Mayi Chala anachiwerenga pang'onopang'ono, nalemba mzere pansi pa mawu akuti wodziwa kuphikira odwala.

"Achimwene anadwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi zaka zingati?"

"Zisanu ndi chimodzi."

"Amawaphikira ndani? Ankayeza mchere ndi kasupuni ndani? Atasiya kutafuna, ankawasinjira chakudya ndani?"

"Koma alamu, imeneyo si ntchito. Anali amuna anga."

"Aa! Ndiye mukubisa nkhani yeniyeni n'kumawauza za kusunga nthawi?"

Wophika uja analira, Mayi Chala nawo anapukuta magalasi omwe sanali akuda. Kenako zala zawo zinayamba kuvina pa kompyuta. Zakukhulupirika zonse zija fufu! Analowetsamo dzina la nyumbayo, udindo monga unalembedwera m'chilengezo, zaka zake zinayi m'khitchini yapasukulu, ndi ziganizo zitatu za malemu, zopanda bodza ngakhale limodzi. Wophikayo ankangoyang'ana, mantha ndi ulemu zitamugwira. Moyo wake womwewu, umene ankauyesa wopanda kanthu, unali utaima papepala ngati wa munthu wofunika.

Mayi Chala anaphimbanso adiresi. "Nanga iyi?"

"Iyi ikudziwa kwawo."

Patatha milungu iwiri akunyumba ya okalamba ija anamuitana. Mkulu wa nyumbayo, mayi wa imvi, anali ndi mulu wa makalata patebulo, koma yake inali pamwamba, ziganizo zitatu zija zitazunguliridwa ndi cholembera chofiira.

"Onsewa ndi olimbikira," anatero mkuluyo, akumenya muluwo. "Inu, tandiuzani za amuna anu. Atakana kudya munkatani?"

"Ndinkakhala pansi n'kudya nawo mbale imodzi."

Mkuluyo anatseka faelo. "Tili nawo asanu otere. Lolemba mubwere ndi epuloni."

Wophika uja anathamangira kukachipinda kuja, mpweya uli m'mwamba. Mayi Chala sanadzutse n'komwe mutu, chala chili pa adiresi ya munthu wina.

"Kawauzeni achibale aja kuti ana sagawidwa. Achimwene awasungira okha."